Madalitso a kholo pa ukwati wa mwana: muwerenge vesi, pemphero, kapena mulembe anu?

Mwana wanga wamkazi atandiuza kuti amayi pa ukwati wanga ndikufuna inuyo ndi amene mutidalitse, ndinavomera pompo osaganiza kawiri, koma usiku womwewo nditakhala pansi ndi pepala ndi bolopeni ndipamene ndinaona kuti sindikudziwa poyambira. Mumtima mawu anali thoo, papepala ayi ndithu. Zinanditengera masabata atatu ndipo ndinang'amba mapepala anayi, ndiye ndati ndilembe njira zomwe ndinayesa kuti kholo lina lomwe lapatsidwa ntchito imeneyi lisavutike ngati ine.

Chinthu choyamba chomwe ndinachizindikira mochedwa nchakuti kudalitsa ndi kulangiza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo makolofe timazisokoneza kwambiri chifukwa pakamwa pathu panazolowera kulangiza. Njira yoonera ndi yosavuta, mungoyang'ana kuti mu chiganizo chanucho amene akugwira ntchito ndani. Mukati "muzikhululukirana, musamagone mutakwiya", ntchito mwawapatsa anawo, amenewo ndi malangizo. Mukati "Mulungu akupatseni mitima yosasunga mangawa" kapena "m'nyumba mwanu mkwiyo usamagone", apo simunawatume kanthu, mwangowafunira zabwino, amenewo ndiye madalitso. Pepala langa loyamba linali ndi ka "muzi-" kasanu ndi kawiri. Muzimverana, muzipemphera, muzisamala ndalama, choncho mpaka pansi. Nditamuwerengera mchemwali wanga anangoti koma akulu apa mwawakalipira anawa pagulu, ndipo ankanena zoona. Malangizo ndi ofunika inde, koma malo ake ndi pambali muli atatu kapena anayi, osati pa maiki anthu mazana ali chete kumvetsera. Makamaka mawu ngati "upirire" kapena "banja ndi kupirira", mwana amangomva ngati mukuyembekezera kuti kumene akupitako akakavutika, ndipo abale a mnzakeyo amamva ngati mukunena mwana wawo. Ndiye njira ya malangizo ine ndinaichotseratu pa mndandanda, sindiibwerezanso.

Zotsala zenizeni ndi zitatu: kuwerenga vesi momwe lilili, kulemba pemphero, kapena kulemba mawu anuanu olankhula kwa anawo maso ndi maso.

Vesi ndiye njira yomwe ambiri timathamangira ndipo ili ndi ubwino wake waukulu. Mawu ake anthu amawadziwa kale, ndiye ngakhale mawu anu anjenjemere kapena mulumphe mzere, omvera amakutsatiranibe mumtima. Kwa kholo lomwe silinazolowere kuyankhula pagulu, kapena lomwe likudziwa kuti misozi siichedwa, imeneyi ndi njira yotetezeka. Vuto ndi loti mavesi ambiri amene timawatcha a ukwati si madalitso. Tengani 1 Akorinto 13:4-7, paja pamati chikondi ncholeza mtima ndiponso nchokoma mtima. Ndi mawu okoma zedi koma akufotokoza chikondi, sakudalitsa munthu, ndipo Paulo ankalembera mpingo womwe unali ndi magawano osati mkwati ndi mkwatibwi. Komanso mwayi ndi waukulu kuti abusa aliwerenga kale vesi lomwelo m'mawa, inu mukungobwereza. Mlaliki 4:9-12, paja pakuti awiri aposa mmodzi ndipo chingwe cha nkhosi zitatu sichiduka msanga, nalonso ndi chimodzimodzi, limakhala bwino ngati poyambira koma palokha silimaliza ntchito.

Rute 1:16-17 ndiye ambiri amalikonda, kumene mupite ndipita komweko, anthu anu adzakhala anthu anga. Koma kumbukirani kuti awa ndi mawu a Rute kwa apongozi ake a Naomi, ndipo ndi lonjezo la munthu wonena za iye mwini. Kholo likawerenga limeneli pa ukwati zimamveka ngati likulonjeza kuti lisamukira kunyumba kwa anawo. Asiyireni okwatiranawo ngati akulifuna pa malumbiro awo.

Mavesi omwe ndi madalitso enieni a ukwati alipo, koma awerengeni mpaka kumapeto musanasankhe. Pa Genesis 24:60 abale ake a Rebeka akumudalitsa akunyamuka kupita kwa Isake, ndipo akumufunira kuti akhale mayi wa anthu zikwizikwi ndi kuti zidzukulu zake zilande zipata za adani awo. Pa Rute 4:11-12 akuluakulu akudalitsa Boazi kuti mkazi amene akulowa m'nyumba mwake akhale ngati Rakele ndi Leya. Rakele ndi Leyayo anali akazi awiri a mwamuna mmodzi, Yakobo, ndipo anakhala mopikisana, ndiye wodziwa nkhaniyo akamva maganizo ake apita kwina. Ndipo mavesi onse awiriwa mtima wake uli pa kubereka, nkhani yomwe ndiikambe pansipa chifukwa ndi yofunika kusamala nayo.

Lomwe ine ndimaona kuti limakwana bwino pakamwa pa kholo ndi Numeri 6:24-26, madalitso amene Aroni ndi ana ake analamulidwa kuti azidalitsa nawo Aisraele. Ndi mizere itatu basi: akudalitse ndi kukusunga, nkhope yake ikuwalire ndi kukuchitira chisomo, akuyang'ane ndi kukupatsa mtendere. Mulibe lamulo ngakhale limodzi, zonse ndi zofunira zabwino. Chongosamala nchakuti mawu ake akulankhula ngati kwa munthu mmodzi, ndiye mukamakopera papepala lanu sinthani akhale a anthu awiri, "akudalitseni", "akusungeni", apo ayi zimveka ngati mwadalitsa mwana wanu yekha mnzakeyo mwamusiya. Komanso funsani anawo Baibulo lomwe amawerenga, chifukwa Buku Lopatulika limati Yehova pomwe Buku Loyera limati Chauta, ndipo kutchula dzina lomwe iwo anazolowera kumapangitsa kuti mawuwo akhale awo. Kwa makolo achisilamu, mu Kurani pa Surah 30 ndime 21 pali mawu onena kuti Mulungu anaika chikondi ndi chifundo pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndipo mukhoza kumangirapo zofuna zanu mofanana.

Kuipa kwa vesi lokha nkwakuti aliyense akanatha kuliwerenga. Mwana wanu sanasankhe abusa kapena mnzake wodziwa kuyankhula, wasankha inuyo, ndipo akufuna amvemo kanthu komwe munthu wina aliyense muholomo sakanatha kunena.

Pemphero lolemba nokha lili pakati. Muli mawu anu, koma mukulankhula kwa Mulungu osati kwa anawo, ndipo zimenezi zimathandiza kholo lamanyazi chifukwa anthu amatsinzina, palibe akukuyang'anani. Ngati banja lonse mbali zonse ziwiri ndi lopemphera mofanana, njirayi imayenda bwino ndithu. Koma ili ndi misampha iwiri yomwe ndinagweramo pa pepala langa lachiwiri. Woyamba ndi kutalika. Pemphero likayamba silifuna kutha, umapezeka wapempherera oyenda panjira, odwala, ophika ndi dziko lonse, anawo angotchulidwa kamodzi pakati penipeni. Wachiwiri ndi woti malangizo aja amabwereranso atavala malaya ena. "Ambuye muthandizeni mwana wangayu aphunzire kuugwira mtima" si pemphero ayi, ndi kuulula khalidwe la mwana pamaso pa apongozi ake. Ndipo ngati okwatiranawo ndi a zipembedzo zosiyana, kapena mmodzi sapemphera, pemphero la mbali imodzi limasiya theka la holo likungoyang'ana pansi. Apo afunseni kaye anawo, ndi ukwati wawo.

China chomwe sindinachikonde pa pemphero nchoti maso amakhala otseka. Ine ndinkafuna kumuyang'ana mwana wanga pomwe ndikumudalitsa, ndimuyang'anenso mnyamatayo.

Ndiye tifike pa njira yachitatu, mawu anuanu, yomwe ndi yovuta kuposa zonse koma ndi yomwe anawo amadzaikumbukira. Apa ngozi yake ndi nkhani. Kholo lili ndi nkhani za zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo ukangotsegula chitseko zimabwera zonse, tsiku lomwe anabadwa, matenda omwe anadwala ali wakhanda, mmene tinavutikira kumulipirira sukulu. Pepala langa lachitatu linali lotere, masamba awiri odzaza, ndipo nditawerenga mofuula ndikuyang'ana wotchi zinakwana mphindi zisanu ndi ziwiri, dzina la mkamwini wanga linatuluka kamodzi kokha kumapeto. Imeneyo inali mbiri ya ine ndi mwana wanga, sanali madalitso a anthu awiri. Tangoganizani mnyamatayo ataima pamenepo mphindi zonsezo akumwetulira nkhani zomwe iye mulibemo, ndipo makolo ake ali pompo akumvetsera.

Zomwe ndinachita pomaliza ndi kusakaniza njira yachitatu ndi yoyamba, koma ndi malire okhwima. Nkhani imodzi yokha ya mwana wanga, yosapitirira ziganizo zitatu. Chinthu chimodzi chomwe ndinachiona ndi maso anga mwa mnyamatayo, utali wofanana. Kenako mawu omumasula mwana wanga ndi kumulandira mnzake. Kenako zofuna zitatu. Kenako vesi la Numeri kutsekera. Zinatuluka chonchi, mayina okha ndachotsa:

"Mwana wanga, uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi unkakana kugona mpaka aliyense m'nyumba atalowa, unkaima pakhomo kuwerenga anthu. Mtima umenewo sunasinthe, ndipo lero ndikuthokoza kuti wapeza munthu woti uzimudikira pakhomo.

Inu bambo, tsiku lija ndinagonekedwa m'chipatala munabwera osaitanidwa, munakhala pabenchi panja mpaka kunja kunacha kuti mwana wangayu asakhale yekha. Simunadziwe kuti ndinakuonani. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unakhala pansi.

Lero mwana wanga ndikukumasula ndi manja awiri, ulibe ngongole kwa ine. Inu ndikukulandirani, ndinu mwana wanga.

Nyumba yanu ikhale malo omwe nonse muzifulumira kubwererako dzuwa likamalowa. Pa masiku ochepa ndi pa masiku ochuluka, pasasowe chogawana pakati panu. Mukalambe limodzi, mukadali ndi nkhani zokambirana.

Yehova akudalitseni ndi kukusungani. Nkhope yake ikuwalireni, akuchitireni chisomo. Akuyang'aneni ndi kukupatsani mtendere. Amen."

Ndinayesa ndi wotchi kangapo, kuwerenga modekha ndi kupuma pakati pa ndime, zinkakwana pafupifupi mphindi ziwiri. Pa tsikulo zinatalikirako pang'ono chifukwa ndinaima kawiri kuti mawu abwerere.

Ndifotokozeko chifukwa chake ndinasankha mawu ena ndi kusiya ena, poti apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Nkhani ya pakhomo ija ndinaisankha chifukwa ikuonetsa khalidwe lomwe akulitengera m'banja, kusamala anthu. Ndinali ndi nkhani zina zoseketsa kwambiri koma zinali zomuchititsa manyazi, ndipo muyeso wanga unali woti ngati mwana wanga sangainene yekha nkhaniyo kwa apongozi ake, inenso ndisainene. Nkhani ya chibwenzi chakale, ya mayeso omwe analephera, ya nthawi yomwe tinayambana, zonsezo ayi.

Mbali ya mkamwini ndi yomwe makolo ambiri timailemba mwaulesi, timangoti ndi mnyamata wabwino waulemu woopa Mulungu, mawu omwe angakwane mnyamata aliyense. Fufuzani chinthu chimodzi chomwe munachiona nokha, ngakhale chaching'ono, mmene anamutsegulira chitseko, mmene anasewerera ndi adzukulu anu, mmene mwana wanu amasekera akakhala naye. Ngati simukumudziwa bwino musanamizire, anthu amamva. Nenani zomwe mukuona mwa mwana wanu kuyambira pomwe anakumana, monga "chikumanireni ndi inu mwana wangayu amaimba akamagwira ntchito". Zimenezo ndi zoona zomwe muli nazo umboni ndipo zikuyamikira mnzakeyo.

Muonanso kuti mwana wanga ndinamuti iwe pomwe mwamuna wake ndinamuti inu, kenako pofika pa madalitso onse awiri ndi inu. Izi ndinaziganizira ndithu. Iwe ndi mawu omwe ndamuitana nawo moyo wake wonse, kumusinthira pa tsiku limenelo kukanamveka ngati ndatalikirana naye. Makolo ena amakonda kunena inu kwa mwana wawo poti tsopano ndi wamkulu wapabanja, nazonso ndi zabwino, chachikulu musankhe chimodzi ndipo mulembe papepala momwemo, musamasinthesinthe pakati pa chiganizo chifukwa omvera amasokonezeka kuti inu ameneyu ndi mmodzi kapena ndi onse awiri.

Mawu akuti "ulibe ngongole kwa ine" ndi omwe ndinalimbana nawo kwambiri, ndinawafufuta kawiri nkuwabwezeranso. Koma ndinaona kuti pa zonse zomwe zili papepalapo, awa ndi okhawo omwe abusa, mnzake kapena wina aliyense sanganene. Kholo lokha ndi lomwe lingamasule mwana. Patapita miyezi mwana wanga anandiuza kuti pa mawu onse aja ndi amenewa omwe amabwerera m'mutu mwake.

Tsopano nkhani ya ana ija. Muona kuti pa zofuna zanga zitatu palibe chonena za kubereka, ndipo sindinaiwale ayi. Ndinkafuna zidzukulu ngati kholo lina lililonse, koma simudziwa zomwe anawo akudziwa kale za matupi awo kapena zomwe anagwirizana, ndipo mawu omwe mwanena pagulu, ojambulidwa pa vidiyo, akhoza kudzakhala munga zaka zikadutsa nyumba ili zii. Ngati mukufunitsitsa kutchulapo, afunseni kaye mwamseri tsikulo lisanafike, kapena munene mawu otakata monga "nyumba yanu isasowe kuseka", omwe akwana kaya kwabwera ana kaya ayi.

Kwa amene mnzawo anatisiya, funso limakhala loti ndimutchule kapena ayi. Ine ndikuona kuti chiganizo chimodzi ndi chokwana, monga "ndikudalitsa m'dzina langa ndi la bambo ako amene akanakondwa kuona tsiku lino", ndipo muchiike koyambirira osati kumapeto, kuti misozi ikabwera ibwere msanga ndipo mumalize ndi mtendere. Mumuuziretu mwanayo kuti mutchula, asadzidzimuke ali kutsogolo. Ngati munasiyana ukwati ndi kholo linzanu ndipo nonse mulipo, mawu ngati "ndinakulera ndekha" asiyeni kunyumba ngakhale ali oona.

Ndiye musankhe iti? Ngati mukudziwa kuti kuima pagulu kumakuumitsani pakamwa, tengani Numeri 6:24-26 nkuikapo chiganizo chimodzi chanu kutsogolo, chomulandira mnzake wa mwana wanu, basi mwamaliza ndipo palibe amene angati mwaperewera. Ngati mabanja onse ndi opemphera mofanana ndipo kupemphera mofuula munazolowera, lembani pemphero koma lisapitirire theka la tsamba ndipo aliyense wotchulidwamo akhale mmodzi wa awiriwo. Ngati muli ndi masabata awiri kapena atatu okonzekera, njira yosakaniza ija ndi yomwe ine ndingakulimbikitseni, makamaka pomwe zipembedzo ndi zosiyana chifukwa mukhoza kungochotsa ndime yomalizayo zina zonse nkukhala momwemo. Zoti ndingoyankhula za mumtima popanda pepala, izo ndiye ndikukukanizani, ndaonapo makolo odziwa kuyankhula ataiwala dzina la mtengwa wawo maiki ili m'manja.

Za kawerengedwe pa tsikulo ndi zochepa koma zimapulumutsa. Lembani kapena pulintani ndi zilembo zikuluzikulu papepala lolimba, chifukwa pepala lopyapyala limaonetsa kunjenjemera kwa manja ndipo limachita phokoso pa maiki. Musawerenge pa foni, sikirini imazima pakati pa chiganizo kapena munthu amaimba nthawi yomweyo. Chiganizo chilichonse chiyambe pa mzere wakewake, kuti mukadzutsa mutu kuyang'ana anawo mupeze msanga pomwe munalekezera, ndipo chala chanu chachikulu chizitsika ndi mzerewo. Chiganizo chomwe simungachimalize ndi mpweya umodzi chiduleni pawiri. Yesani mofuula kosachepera kasanu muli chiimire, ndipo kamodzi pamaso pa munthu, chifukwa malo omwe mawu anu adzatsamwe pa tsikulo ndi omwewo omwe atsamwe poyeserera, ndiye muikepo kachizindikiro koti apa ndipume kaye. Kwa ine panali pa "ndikukumasula". Dzina la mkamwini kapena mtengwa, makamaka ngati ndi la chilankhulo china, mufunseni mwini wake katchulidwe kake ndipo mulilembe momwe limamvekera.

Pepala lachiwiri mupatse munthu amene mwakhala naye pafupi, ndipo mugwirizane kuti mukalephereratu kupitiriza iye adzaima pambali panu nkumaliza kuwerenga. Langa linali ndi mchemwali wanga uja, magalasi anga owerengera analinso m'chikwama mwake. Woyendetsa mwambo mumuuziretu kuti mukufuna mphindi zitatu ndipo nyimbo izimitsidwe, komanso kuti anawo aime moyang'anana nanu osati kumbuyo kwa tebulo, kuti pofika pa mzere womaliza muthe kupinda pepalalo nkuwagwira manja onse awiri.